Zilembo za pansi pa nkhope ya amayi

Nkhondo itakula kunyanja kwathu, ine ndinali mphunzitsi ku Metangula. Ndinkakhala ndi amayi ndi mwana wanga wamkazi m'kanyumba ka udzu kuseri kwa sikola, pakati pa anthu ambiri amene anathawa ku Lunho, ku Msumba ndi m'midzi ya kumtunda. Atate kunalibe. Anamwalira tsiku limene anthu amfuti anaotcha mudzi wathu, ine ndili ku Lichinga ku maphunziro a uphunzitsi. Mwanayo ndinali nditamusiya kwa makolo anga ali ndi zaka zitatu, ndipo amayi ndiwo anafika naye ku Metangula ali kumsana, mapazi awo atang'ambika.

Za tsiku limenelo amayi sankanena. Ndikawafunsa ankangoti, "Atate ako anatsala," n'kuyamba kufuna chochita. Azakhali anga, mlongo wawo wa atate, ankakhala mzere wachiwiri kuchokera kwathu, koma sankalowa m'nyumba mwathu. Kuchitsime ankauza anthu kuti amayi anathawa n'kusiya mwamuna wodwala miyendo m'nyumba ngati mtolo wa nkhuni. Mawuwo ankandipeza, koma ine zoona zake sindinkazidziwa.

Chaka china kunabwera anthu atatu a ku Maputo ndi kamera, kudzajambula filimu ya anthu othawa nkhondo. Anazungulira m'misasa, anacheza ndi asodzi, ndi amayi a kumpingo, ndi aliyense wofuna kulankhula. Ine ndinali m'kalasi masiku onsewo. Ndinangomva madzulo ena kuti amayinso anawakhazika pa mphasa n'kuwajambula. Nditawafunsa zimene ananena, anati, "Zomwezi za njala."

Patapita miyezi, mmodzi wa atatu aja anabweranso, pa kandege ka mankhwala. Anali mayi wamfupi, wa imvi pang'ono, wosuta fodya kwambiri, ndipo tonse tinkangomutchula kuti adona. Ntchito yake inali yolumikiza zidutswa za filimu. Anafika kusikola kudzafunsa munthu wodziwa Chinyanja cha kunyanja ndi Chipwitikizi, ndipo a diretori, mkulu wa sikolayo, analoza ine.

"Pulofesora," anatero adona, mmene amaitanira mphunzitsi m'Chipwitikizi, "filimu ndailumikiza, koma anthu a ku Maputo ndi a kunja sadzamva zimene abale anu akunena. Pakufunika malejenda. Ndinapeza munthu kumeneko wondimasulira mwachidule kuti ndithe kudula zithunzi, koma mawu a kuno ambiri amupita. Ndikufuna tikhale tonse awiri."

Malejenda ndi timawu toyera tija timalembedwa pansi pa chithunzi munthu akamalankhula. Ndinali nditationapo m'nyumba ya kanema ku Lichinga, koma sindinaganizepo kuti pali munthu amene amakhala pansi n'kutiyeza. Ndinavomera msanga. Ndinkaona ngati ndi kumasulira wamba, ngati kumene ndinkachita kuchipatala dokotala wachilendo akabwera.

Anatipatsa kachipinda kosungiramo katundu pafupi ndi chipatala, chifukwa pamenepo ndi pamene panali jeradori, makina opanga magetsi. Inkayaka masana okha, maola ochepa, mafuta akakhalapo. Adona anabwera ndi kawailesi kakanema kakang'ono, makina a vidiyo ndi makaseti m'chikwama cha nsalu. Pamwamba pa chithunzi pankathamanga manambala: ola, mphindi, segundu, ndi ena othamanga kwambiri amene anati ndi tizithunzi, makumi awiri ndi tisanu pa segundu iliyonse. Munthu akatsegula pakamwa adona ankaimitsa makina n'kulemba nambala, akatseka pakamwa ankalembanso. Pakati pa manambala awiriwo ndi pamene panali malo anga.

Woyamba anali msodzi wachikulire wa ku Msumba. Ndinamasulira zonse zimene ananena, mpaka moni wake wautali, ndipo ndinadzaza tsamba. Adona anawerenga n'kuseka.

"Chipwitikizi chanu n'chabwino kuposa changa. Koma taonani." Anatenga pepala la masamu, la timabokosi lija, n'kujambula mizere iwiri italiitali. "Mzere umodzi ndi timabokosi makumi atatu ndi tiwiri. Chilembo chilichonse kabokosi kake. Mpata wa pakati pa mawu ndi kabokosinso, mpumiro ndi kabokosinso. Mizere isapitirire iwiri, chifukwa wachitatu uphimba pakamwa pa munthu. Ndipo mizere iwiri yodzaza imafuna masegundu asanu ndi limodzi kuti munthu wamba aiwerenge. Pagawo loyambali mkuluyu walankhula masegundu atatu. Ndiye muli ndi mzere umodzi."

"Nanga zotsalazo zipita kuti?"

"Zili pankhope pake. Woonera ali ndi maso ndi makutu. Akuona kuti akupereka moni, akumva kuti mawu ake ndi aulemu. Inu mumupatse chokhacho chimene sangachipeze yekha."

Masiku oyamba zinkandiwawa. Moni wonse wa mkulu uja, kufunsa za kunyumba, za ulendo, za ana, unasanduka timawu tiwiri. Chinyanja chathu chimamanga zambiri m'liwu limodzi. Munthu akati sitinakawapezenso, wanena kamodzi n'kumaliza, koma Chipwitikizi chimafuna mawu anayi kapena asanu, ndipo timabokosi timatha. Mayi wina anati mudzi unangoti zii, ndipo ndinakhala ndi pensulo m'kamwa mpaka jeradori inazima. Mawa lake adona anati, "Lembani kuti munalibe munthu. Zii uja amumva okha, si wanena ndi manja omwe?"

Anandiphunzitsanso zina zing'onozing'ono. Podula mzere, usalekanitse mawu oyendera limodzi, monga dzina ndi kaliwu kake ka patsogolo. Lejenda ina ikachoka, pakhale kampata ka tizithunzi tingapo ina isanabwere, apo ayi diso silizindikira kuti mawu asintha. Ndipo lejenda isawoloke pamene chithunzi chadulidwa n'kuyamba china, chifukwa woonera amayesa ndi mawu atsopano n'kuyambiranso kuwerenga. Pofuna kuyesa, ankandiuza kuti ndiwerenge chapansipansi zimene ndalemba tepi ikuyenda. Ndikatsala m'mbuyo, ankangoti, "Dulani." Sanandikalipirepo. Ndikapeza liwu lalifupi logwira bwino, ankamenya tebulo ndi chikhatho ngati mwana.

Pang'onopang'ono ntchitoyo inandilowa. Ndinkapita kukatunga madzi ndikuwerenga zilembo pa zala. Mnzanga akandiuza nkhani, mumtima ndinkaidula kuti ikwane mizere iwiri.

Tsiku lina adona asanaike kaseti anandiyang'ana n'kunena kuti, "Wotsatirayu ndi mayi amene ndamuika pakati penipeni pa filimu. Womasulira uja anangondiuza kuti akunena za mwamuna wake." Sankadziwa kuti ndi ndani kwa ine. Chithunzi chitabwera, ndinaona mphasa yathu, khoma lathu, ndi amayi atavala mpango wawo wa kutchalitchi.

Anayamba ndi za njala, monga anandiuzira. Kenaka munthu wa kuseri kwa kamera anafunsa za amuna awo. Amayi anayang'ana pansi, n'kuyamba kufotokoza za m'mawa umenewo, mfuti zikulira kumunda, anthu akuthamangira kubango, atate ali pa mkeka miyendo itatupa. Anati anayesa kuwadzutsa, mwana ali kumsana, n'kugwa nawo pakhomo. Ndiye mawu awo anathamanga ngati munthu wofuna kulavula chinthu chotentha:

"Sindinawasiye ine, anandikankha okha, amvekere thawitsa mwana, miyendo yanga yatha."

Pomwepo chithunzi chinadulidwa, n'kubwera cha nyumba zopsa.

Adona anaimitsa makina kuti alembe nambala, ndipo atatembenuka anandipeza nditagwira pakamwa.

"Pulofesora, mwatani?"

"Ndi amayi anga. Mwana akunenedwayo ndi wanga."

Anazimitsa fodya wake. Kenaka anati, "Tisiye lero. Kapena gawo ili ndipeze munthu wina."

Ndinakana. Ndinati abwezere tepi. Anabweza, ndinamvanso, anabwezanso. Sindikudziwa kuti kangati. Zaka zonse zija ndinkagona chipinda chimodzi ndi amayi osamva mawu amenewa, ndipo tsopano ndinali kuwamva mobwerezabwereza m'kabokosi, mpaka ndinadziwa pamene amapumira mpweya. Ndinalira, adona n'kutuluka panja kundisiya ndekha. Atabwera anabwera ndi tiyi wopanda shuga m'kapu ya chitini.

Mawa lake tinabwerera ku timabokosi. Amayi ananena mawu aja m'masegundu anayi okha, ndipo chithunzi chinadulidwa atangotseka pakamwa. Masegundu anayi ndi zilembo ngati makumi anayi ndi zingapo. Nditamasulira zonse bwinobwino, zinapitirira zana.

Ndinayesa kusunga mbali yoyamba. Ndinalemba kuti *Não o abandonei. Ele empurrou-me*, kutanthauza kuti sindinawasiye, anandikankha. Zinakwana. Koma adona atawerenga anapukusa mutu.

"Munthu wosadziwa ayesa kuti mwamunayo ankawamenya. Sakuona chifukwa chimene anawakankhira."

Ndinayesa mbali yachiwiri: *Ele disse: foge com a criança*, anati thawa ndi mwana. Zilembo makumi atatu, zokwana bwino, zomveka bwino. Koma kukana kwa amayi kuja, sindinawasiye ine, kunasowa, ndipo ine ndinkadziwa kuti ndi mawu amenewo ankayankha azakhali. Za miyendo nazo zinasowa, ndiye woonera akanadzifunsa kuti bwanji mwamunayo sanathawe nawo.

Tinayesa kugawa pawiri, malejenda awiri a masegundu awiriawiri. Adona anayendetsa tepi ine ndikuwerenga, ndipo sindinafike ngakhale pakati. Ndinafufuta mpaka pepala linabooka. Liwu lililonse limene ndinkachotsa linkakhala ngati ndachotsa munthu, kaya atate, kaya amayi, kaya mwana.

Jeradori itazima adona anati, "Kwa anthu ena onse tasankha tokha, chifukwa ntchito yake ndi yotero. Koma mwini mawuwa ali pafupi. Bwanji tikawafunse?"

Ndinachita mantha. Kunali kuwauza amayi kuti ndamva. Komabe tinapita. Tinawapeza akusenda chinangwa choti aviike, mwana wanga akusewera ndi anzake kuseri. Anamuyalira mlendo mphasa, ndipo ine ndinakhala pambali pawo.

"Amayi, ntchito imene ndikugwira ndi adona ndi ya filimu ija. Ndaona pamene munalankhula."

Mpeni unaima. Sanandiyang'ane.

"Wamva zonse?"

"Ndamva."

"Chabwino," anatero. "Kwa mlendo kunali kosavuta. Iwe ukanandiyang'ana ndi maso a atate ako."

Ndinawafotokozera vuto lathu mmene ndikanathera. Amayi sankadziwa kuwerenga, ndiye ndinati mawu awo tikuwalemba pansi pa chithunzi kuti anthu a kutali amve, koma malo ndi ochepa ngati bwato laling'ono, onse sangakwere. Ndinawauza njira ziwiri zija m'Chinyanja, imodzi yosunga kukana kwawo, ina yosunga mawu a atate.

Sanaganize nthawi yaitali.

"Zangazo zichotse. Kuti ndinawasiya kaya sindinawasiye, anthu anene zimene akufuna, ndazolowera. Koma zimene ananena atate ako zisachoke. Ndi mawu awo omaliza amenewo, ndipo ndinawamva ndine ndekha. Ndikafa ine apita kuti?"

"Nanga za miyendo?"

"Zimenezonso ndi zawo. Asayesedwe munthu wamakani wokana kuthawa. Akanakhala ndi miyendo akanamunyamula okha mwanayo."

Ndinamasulira adona zonsezi. Anamvetsera akuyang'ana chinangwa chili m'beseni. Kenaka anandifunsa chinthu chimene sindinachiyembekeze.

"Afunseni, atanena mawu aja tsiku lojambula, anapitiriza kulankhula?"

Amayi anati ayi, anangokhala.

Adona anadzuka n'kutsanzika mwaulemu. M'mawa mwake ndinamupeza atafika kale pakhomo pa kachipinda kaja, akudikira jeradori, ali ndi kaseti ina m'manja. Inali ya zonse zimene anajambula tsiku lija, zosadulidwa. Anafufuza mpaka anapeza malo aja. Amayi ananena mawu awo, n'kutseka pakamwa, ndipo kamera sinachoke. Anakhala chete nthawi yaitali, akuyang'ana manja awo, kenaka anakweza maso.

"Ndinadula apa chifukwa ndinkaona ngati nkhani yatha," anatero adona. "Filimuyi sindinaitseke. Ndikabwerera ku Maputo ndikabwezeretsa masegundu anayi a chete ameneyu. Mukhala ndi asanu ndi atatu."

"Koma munati lejenda izichoka munthu akasiya kulankhula."

"Ndinatero, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira. Ikhoza kutsalira pang'ono, osati chonchi. Koma pano palibe wina akulankhula, chithunzi sichikusintha, woonera sasokonezeka. Awerenga mawu a mwamunayo akuyang'ana nkhope ya mkazi wake. Ndilakwira lamulo kamodzi, ndikudziwa chifukwa chake."

Panali vuto lina. A wailesi yakanema amene anamutuma anamupatsa utali wa filimu woti asapitirire ngakhale pang'ono, ndiye masegundu anayiwo anayenera kuchoka pena. Anayendetsa tepi mpaka pa chithunzi cha tchalitchi cha ku Msumba, chimene anachijambula ali m'boti chifukwa kumtunda kunali kosafikika. Ankachikonda kwambiri chithunzicho, anali atandionetsa kangapo. Anachiyang'ana, n'kulemba manambala awiri papepala lake.

"Tchalitchi chikhalapobe, chingofupika," anatero.

Tinalemba malejenda awiri. Yoyamba, ya mzere umodzi, masegundu atatu: *Não o deixei, ele empurrou-me.* Sindinawasiye, anandikankha. Yachiwiri, ya mizere iwiri, masegundu asanu, inali ya mawu a atate aja, thawa ndi mwana, miyendo yanga yatha:

*Disse: foge com a criança,*
*as minhas pernas acabaram.*

Adona anafunsa ngati sitingalembe kuti sindingathe kuyenda, chifukwa ndi mmene Mpwitikizi anganenere. Ndinati atate sananene choncho, anati miyendo yatha, ndipo zilembo zake zikukwana. Anawerenga timabokosi ndi nsonga ya pensulo, makumi awiri ndi tisanu ndi kamodzi mzere uliwonse, n'kuvomera. Anayendetsa kaseti yosadulidwa ija, ine ndikuwerenga chapansipansi. Ndinamaliza liwu lomaliza amayi asanakweze maso.

Tinatsiriza anthu otsalawo m'masiku otsatira, ndipo adona ananyamuka ndi mapepala athu a timabokosi atawakulunga m'pulasitiki. Pokwera galimoto lopita kubwalo la ndege anandisiyira mapensulo ake onse ndi chofufutira, zinthu zimene nthawi imeneyo kusikola kunalibe.

Kunyumba zinthu zinasintha mwakachetechete. Amayi anayamba kunena za atate, osati za tsiku lija, koma zina: mmene ankasokera ukonde akuimba nyimbo za kutchalitchi molakwitsa mawu, mmene anakanira kudya nsomba ya mlamba moyo wawo wonse. Mwana wanga ankamvetsera, ndipo anayamba kufunsa mafunso.

Kaseti yomalizidwa inatipeza mvula itayamba, itabwera ndi namwino wina wochokera ku Lichinga. A diretori anapeza munthu wa makina a vidiyo n'kukonza zoti ionetsedwe m'kalasi lalikulu Loweruka masana, mawindo atatchingidwa ndi mabulangete. Anthu anadzaza mpaka pakhonde. Aliyense akaoneka pa kanema anzake ankakuwa ndi kuseka, ndipo msodzi wa ku Msumba uja anaimirira n'kuwerama ngati walandira mphoto. Azakhali analiponso, atakhala kutsogolo ndi amayi a kumpingo.

Nkhope ya amayi itabwera, phokoso linatsika. Anthu a m'chipindamo sankafuna malejenda, Chinyanja ankachimva okha. Koma chete uja anamumva onse, chifukwa anatalika, ndipo panalibe wotsokomola. Ine ndinkayang'ana zilembo zoyera zili pansi pa chibwano cha amayi, ndikuziwerenga ngati sindinazilembe ndine.

Azakhali anatuluka filimu isanathe. Patapita masabata anatumiza mdzukulu wawo ndi usipa wouma m'kambale, ndipo pa Khirisimasi analowa m'nyumba mwathu n'kukhala pa mphasa. Za kuchitsime zija sizinamvekenso. Kupepesa sanapepese, amayinso sanakufune.

Anthu atabalalika Loweruka lija, amayi anatsalira m'kalasi. Anandiuza kuti ndipemphe mwini makina abwezere pamalo paja. Atabweza, anasendera pafupi ndi kanema.

"Mawu a atate ako ndi ati pamenepa?"

Ndinaimitsa chithunzi n'kuwalozera mizere iwiri ija. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, monga ankaonera ana anga a sikola akuchita.

"Ndi ochepa chonchi?"

"Ndi ochepa, amayi, koma onse alimo."

"Ndiye a ku Maputo awerenga zimenezi?"

"Awerenga. Ndi a kutali kuposa ku Maputo omwe."

Anagwedeza mutu n'kumanga mpango wawo bwino. "Umuuze mayi uja kuti zikomo. Anawapatsa atate ako nthawi yoti amalize kulankhula."

Ndinalemba kalata n'kuipereka kwa namwino yemwe uja, koma sindikudziwa ngati inafika. Adona sindinaonane nayenso. Nkhondo itatha tinabwerera kwathu kukamanga pa bwinja, ndipo amayi anakhala zaka zina zingapo, mpaka anaona mdzukulu wawo akulowa sekondale. Ine ndinapitiriza kuphunzitsa mpaka kupuma. Ndikamva anthu akudandaula kuti malejenda a pa kanema amadya mawu, ndimavomera kuti amadyadi, ndipo nthawi zina ndimawafotokozera chifukwa chake, ngati ali ndi mpata womvetsera.